POGULITSA FONI YAKALE, LEMBANI CIMENE MASO AONA NDI CIMENE DZANJA LAYESA

Nyengo yokolola ikatha, alimi atagulitsa cimanga, soya, nyemba ndi mpendadzuwa, malonda a mafoni ogwirapo kale nchito amakula m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Amakulanso kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, pamene Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Kale wogula anali kuyamba wagwira katundu m'manja asanaturutse ndalama. Masiku ano malonda ambiri amayamba ndi zithunzi ziwiri kapena zitatu zotumizidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, pamodzi ndi mau ocepa olembedwa pansi pace. Munthu wa ku Vubwi akhoza kulipira galimoto, kudzera ku Chadiza, ndi kutaya tsiku lathunthu kuti akafike ku Katete cifukwa ca mau amenewo. Ngati mauwo anabisa mng'alu kapena batire lakufa, munthuyo wataya ndalama za ulendo ngakhale foniyo asaigule.

Kawirikawiri wolemba mauwo sakhala mwini foni. Mwini ali kumudzi, ndipo amatumiza zithunzi kwa mphwace kapena kwa mdzukulu wace amene ali pa boma, nati, "Undilembere, undigulitsire." Wolembayo foni sanaigwire, waona zithunzi zokha. Tsono nkhani yathu lero iri pa munthu ameneyu: angalembe bwanji zoona pamene cimene ali naco ndi cithunzi cabe? Yankho lace ndi lakuti m'cilengezo cace asiyanitse zinthu zitatu, cimene cikuoneka pa cithunzi, cimene mwini wayesa ndi dzanja lace, ndi cimene palibe amene wayesa.

ZITHUNZI ZIMENE WOLEMBA AYENERA KUPEMPHA

Tiyerekeze kuti mlimi wa kufupi ndi Mkaika afuna kugulitsa foni ya Samsung Galaxy A12, mtundu umene unayamba kugulitsidwa kumapeto kwa caka ca 2020. Watumiza cithunzi cimodzi: foni iri m'pauchi, galasi likuwala, ndipo pagalasipo pakuoneka nkhope ya mwana. Cithunzi cotere sicithandiza wolemba, pakuti galasi likayaka kuwala kwace kumaphimba mizere yonse yokalika, ndipo pauchi imabisa msana ndi ngodya, kumene foni imayamba kuonongeka ikagwa.

Wolemba apemphe mwini kuti acotse pauchi, apukute foni ndi kansaru kofewa, ndipo ajambule ndi foni ina masana, pakhonde kapena pafupi ndi zenera, kuwala kukucokera cam'mbali. Cifukwa cace ndi ici: mzere wokalika ndi kangalande kakang'ono, ndipo umaoneka pokhapokha kuwala kukaugunda copendekeka. Kuwala kocokera kutsogolo, monga kwa fulashi, kumaudzaza ndi kuufafaniza.

Zithunzi zofunika ndi zisanu ndi zitatu. Coyamba ndi ca galasi foni itazima, itapendekeka pang'ono. Caciwiri ndi ca galasi foni itayaka, pakuoneka tsamba loyera lokhalokha. Cacitatu ndi ca msana. Zinai zotsatira ndi za mbali zonse zinai, kuti ngodya, mabatani ndi kabowo ka chaja zioneke. Cotsiriza ndi ca tsamba la About phone la mu Settings, limene limaonetsa dzina leni leni la foniyo. Pafupi ndi ciremba ciri conse aikepo kamtengo ka macisi kapena rula ya mwana wa sukulu, kuti wolemba adziwe kutalika kwace. Ndiponso zithunzizo zitumizidwe monga Document, popeza WhatsApp imacepetsa cithunzi cotumizidwa mwa nthawi zonse, ndipo timizere tating'ono timasowa.

KUKALIKA, KUBENTHUKA NDI KUNG'ALUKA NDI ZINTHU ZOSIYANA

Ambiri amalemba kuti "iri ndi timizere pang'ono," ndipo m'mau amenewa amaphatikizamo zirema zosiyana kwambiri pa mtengo. Wolemba woona mtima amapatsa cirema ciri conse dzina lace.

Pali timizere tapamwamba, toonda ngati tsitsi, tooneka pokhapokha foni itazima. Timeneti kawirikawiri timabwera ndi mcenga ndi fumbi la m'thumba, pakuti mcenga ndi wolimba kuposa galasi la foni. Foni imene yakhala m'thumba la mlimi zaka ziwiri siingalephere kukhala nato, ndipo sitilepheretsa kanthu. Pali mzere wozama, umene cikhadabo cimakodwamo cikadutsa. Umenewu umaoneka ngakhale foni itayaka, ndipo galasi limafooka pamalo pamenepo. Cithunzi sicingasiyanitse bwino mitundu iwiriyi, cotero wolemba afunse mwini kuti, "Tadutsitsanipo cikhadabo, kodi cikukodwa?"

Kubenthuka ndi pamene kacidutswa ka galasi kapena ka pulasitiki kacoka, makamaka pa ngodya. Kung'aluka ndi pamene galasi lasweka ndithu kuyambira pamwamba kufikira pansi pace. Mng'alu umadziwika pa cithunzi cifukwa kawirikawiri umayambira m'mphepete kapena pa ngodya imene inagunda pansi, umanyezimira, ndipo nthawi zina umacita nthambi. Mzere wokalika umakhala momwemo mpaka kale, koma mng'alu umakula, ndipo umalowetsa thukuta ndi madzi. Munthu amene acha mng'alu kuti "kamzere" wanama, ngakhale cithunzi cace cikhale coona.

Pali msampha wina. Mafoni ambiri ali ndi kagalasi koteteza komatidwa pamwamba, kamene anyamata a pamsika amati pulotekita. Pa cithunzi mng'alu wa kagalasi aka ndi mng'alu wa galasi leni leni zimafanana. Wogulitsa amafulumira kunena kuti "ndi pulotekita cabe," ndipo mwina iye mwini amakhulupirira comweco. Njira yotsimikizira ndi imodzi: kumatula kagalasiko ndi kujambulanso. Ngati mwini sakufuna kumatula, wolemba alembe kuti mng'alu ulipo ndipo kagalasi sikanacotsedwe, kuti wogula adzadzionere yekha.

Cithunzi ca tsamba loyera cimaonetsa matenda a m'kati mwa galasi. Banga lakuda longa inki yotayika limatanthauza kuti cigawo coonetsa zithunzi casweka m'kati, ndipo bangalo kawirikawiri limakula. Mizere yoongoka yobiriwira kapena yofiira yocokera pamwamba kufika pansi nayonso siicoka yokha. Zimenezi mankhwala ace ndi kusintha galasi lonse, ndipo pa foni yochipa mtengo wa nchito imeneyo umadya gawo lalikuru la mtengo wa foniyo. Pa zithunzi za m'mbali wolemba ayang'ane ngati pali mpata pakati pa galasi ndi thupi la foni, kapena ngati msana wakwera. Mpata wotere umasonyeza kuti foni inatsegulidwapo ndi kumatidwa molakwika, kapena kuti batire latupa. Batire lotupa ndi langozi, likhoza kuyaka moto, ndipo foni yotero iyenera kupita kwa wokonza isanapite pamalonda.

ZIMENE CITHUNZI SICINGAONETSE

Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Foni ikhoza kukhala yosalala ponseponse koma yosamveka mau, yosagwira netiweki, kapena yotha moto pa maola awiri. Apa wolemba asalembe kuti "zonse zikugwira nchito" cifukwa cakuti mwini watero. Amuuze zoti ayese cimodzicimodzi, ndipo alembe zotsatira zace.

Coyamba ndi batire. Batire la foni limafooka pang'onopang'ono nthawi iri yonse likachajidwa. A kampani ya Apple amanena kuti batire la mafoni ao a iPhone 14 ndi akale kuposa pamenepo linapangidwa kuti lisunge magawo 80 pa 100 a mphamvu yace litachajidwa kokwanira nthawi 500. Munthu wochaja tsiku ndi tsiku amafika pa ciwerengero cimeneci cisanathe caka ndi theka. Mabatire a mafoni ena ndi a mtundu womwewo ndipo amakalamba mofananamo. Motero kulemba kuti batire ndi la 5,000 mAh, monga linaliri la A12 likucoka ku fakitale, sikuuza wogula za lero. Mwini achaje foni kufika pa 100, aicotse pa chaja, aonere kanema kwa ola limodzi, ndipo anene nambala imene yatsala. Nambala imeneyo ndiyo ilembedwe. Kwa munthu wa kumudzi amene amachaja pa sola kapena amalipira pa golosale, mzere umenewu ndi wofunika kuposa kukongola kwa msana.

Caciwiri ndi kukhudza kwa galasi, mau ndi makamera. Mafoni ambiri a Samsung ali ndi tsamba loyesera limene limatseguka mukalemba nambala iyi pamalo poimbira:

```
*#0*#
```

Pa tsambali pali mabokosi monga Touch, Speaker ndi Vibration. Pa Touch munthu amayendetsa cala pa timabokosi tonse, ndipo pamene galasi linafa sipasintha mtundu. Ngati tsambali silitseguka, mwini ayese mwa njira wamba: aimbe foni ndi kufunsa mnzace ngati akumumva bwino, alembe uthenga wokhudza zilembo zonse, ajambule ndi kamera ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Ngati foni iri ndi malo a masimu awiri, aike simu m'malo onse awiri, ya Airtel, ya MTN kapena ya Zamtel, pakuti nthawi zina malo amodzi amafa ena ali bwino. Agwedezenso cingwe ca chaja pang'ono cikali colowetsedwa. Ngati kuchaja kukuduka, kabowoko kadzaza fumbi kapena katha.

Cacitatu ndi mbiri ya foniyo. Kodi inagwapo m'madzi? Kodi galasi linasinthidwapo? Galasi losinthidwa likhoza kuoneka latsopano pa cithunzi, koma ngati ndi la mtengo wocepa limawala mofooka padzuwa ndipo limacedwa kumva cala. Za madzi, mafoni ambiri a Samsung ali ndi kapepala kakang'ono m'kabowo kolowetsa simu. Kamakhala koyera kapena ka timitanda tofiirira, ndipo kakanyowa kamasanduka kofiira konse. Mwini aunikemo ndi toci.

UMWINI NDI LOKO

Foni iri yonse iri ndi nambala yace ya manambala 15 yochedwa IMEI, imene imaoneka mukalemba izi:

```
*#06#
```

Nambala yooneka pagalasi iyenera kufanana ndi ya pa katoni kapena pa risiti. Wolemba asaike nambala yonse poyera, pakuti akathyali akhoza kuigwiritsa nchito molakwika. Aike manambala anai otsiriza, kuti wogula akafika adzatsimikize kuti foni imene wapatsidwa ndi yomwe ija ya pa cithunzi. Ngati risiti ndi katoni zinasowa, alembe comweco. Malamulo a milandu a dziko lathu amalanga munthu wolandira katundu amene akudziwa, kapena ali ndi cifukwa cokhulupirira, kuti ndi wakuba, ndiye cifukwa cace wogula wanzeru amafunsa za zimenezi.

Pali cinthu cinanso cimene caliritsa ogula ambiri. Kuyambira caka ca 2015, mafoni a Android ali ndi loko yoteteza ku akuba: foni ikafufutidwa mokakamiza akaunti ya Google ikali m'menemo, imafuna dzina ndi mau acinsinsi a mwini wakale isanatseguke. Ambiri kumudzi anatseguliridwa akaunti ndi munthu wina pa sitolo, ndipo mau acinsinsi sawadziwa. Conco mwini ayambe wacotsa akaunti ya Google ndi ya Samsung mu Settings, kenaka afufute zonse, ndipo ayatse foni kuti aone kuti ikutseguka popanda kufunsa kanthu. Ngati foni inatengedwa pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, ngongoleyo ikhale itatha, popeza mafoni otere amadzitseka okha malipiro akaima.

CILENGEZO COLEMBEDWA BWINO

Tibwerere kwa mlimi wathu wa ku Mkaika. Cilengezo cimene anthu azolowera cikanati: "Samsung A12 yoyera bwino, ngati yatsopano, palibe vuto, K1,500." Mdzukulu wace atapempha zithunzi zisanu ndi zitatu zija ndi kufunsa mafunso, walemba motere, ndipo mitengoyi ndi yacitsanzo cabe:

"Samsung Galaxy A12, yakuda, 64GB, masimu awiri. Mwini ndi mmodzi, wakhala nayo zaka zitatu. Ine wolemba ndalemba kucokera pa zithunzi zojambulidwa sabata ino, foni iri kwa mwini kufupi ndi Mkaika.

"Zooneka pa zithunzi: galasi liri ndi timizere tapamwamba tambiri tooneka foni itazima, ndi mzere umodzi wozama wa masentimita 2 pamwamba kudzanja lamanja. Palibe mng'alu, ndipo pulotekita yacotsedwa pojambula. Ngodya ya pansi kumanzere inabenthuka pang'ono, kukula ngati mutu wa macisi. Msana unaperepeseka m'mphepete mmene munali kukhuza pauchi. Pa tsamba loyera palibe banga.

"Zimene mwini wayesa: kuimba ndi kumva kuli bwino pa masimu onse awiri, makamera akujambula, galasi likumva cala ponseponse. Batire latsika kucoka pa 100 kufika pa 84 pa ola limodzi la kanema. Chaja imafuna kukankhidwa bwino, ikagwedezeka kuchaja kumaduka. Galasi silinasinthidwepo. Akaunti ya Google yacotsedwa.

"Zimene sitinayese: mahedifoni ndi malo a memori khadi. Katoni iripo, risiti inasowa, chaja palibe. IMEI ikuthera pa 4417. Mtengo K1,200. Kuonana pa boma la Katete masana, muyese foni musanalipire."

Taonani mmene cilengezoci cayendera. Cirema ciri conse capatsidwa dzina, malo ndi kukula. Mau monga "pang'ono" aikidwa pokhapokha pali muyeso pambali pace. Vuto lalikuru, la kabowo ka chaja, silinabisidwe kumapeto kapena kusiyidwa kuti wogula akalipeze yekha kwao. Ndipo wolemba wanena poyera kuti iye waona zithunzi zokha, motero mau a mwini sanawasandutse umboni wace. Mtengo watsika ndi K300 cifukwa ca chaja yosowa ndi kabowo kofuna wokonza. Njira yabwino yopezera kutsika kumeneku ndi kufunsa wokonza mafoni mtengo wa nchitoyo ndi kuucotsa pa mtengo wa foni yabwino ya mtundu womwewo.

Wina angafunse kuti, kodi pamenepa wogulitsa sanadziluze yekha? Katswiri wa zacuma wa ku America, George Akerlof, analemba za nkhani yonga imeneyi m'caka ca 1970, pofotokoza msika wa magalimoto akale, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Iye anaonetsa kuti pamene wogula sangathe kusiyanitsa katundu wabwino ndi woipa, amapereka mtengo wotsika pa zonse podziteteza, ndipo amene amaluza ndi mwini katundu wabwino. Ndi mmene ziriri pa misika yathu. Popeza aliyense amalemba "ngati yatsopano," wogula sakhulupirira aliyense, ndipo amafika atakonzeka kudula mtengo pakati. Akapeza cirema cimodzi cimene sicinachulidwe, amaganiza kuti pali zina zisanu. Koma akapeza kuti mzere uja ulidi wa masentimita 2 ndipo uli pamene ananena, alibenso podulira mtengo, ndipo amakhulupirira ndi za batire zimene sangazione ndi maso.

CIMENE LAMULO LIMANENA

Mau a m'cilengezo ali ndi mphamvu pamaso pa lamulo. Lamulo la malonda la Sale of Goods Act la 1893, limene Zambia inatengera ku Britain, limati pa gawo 13 katundu wogulitsidwa mwa kufotokoza ayenera kufanana ndi kufotokozako. Munthu amene wagula poona zithunzi ndi mau ali pansi pa citetezo cimeneci, ngakhale wogulitsa asakhale wa sitolo. Palinso lamulo la Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 la 2010, limene linakonzedwanso mu 2023. Gawo 47 limaletsa kunena zabodza za mtundu, ubwino kapena mbiri ya katundu, kapena kunena kuti ndi watsopano pamene si watsopano. Gawo 48 limaletsa eni masitolo kupacika zikwangwani zodzicotsera mlandu, monga zija zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa. Madandaulo otere amapita ku bungwe la Competition and Consumer Protection Commission.

Cotero cilengezo coona cimateteza wogulitsa yemwe. Ngati wogula abwera patapita sabata kudandaula za kabowo ka chaja, mwini ali ndi poloza, pakuti zinalembedwa ndipo wogula anaziwerenga. Mbali zonse ziwiri zisunge zithunzi ndi mau a cilengezoco, ndipo pa tsiku la malonda alembe kapepala kokhala ndi tsiku, mtengo, IMEI yonse ndi maina ao, pamaso pa mboni imodzi.

MPANDO NAWO NDI COMWECO

Njira imeneyi imagwiranso pa katundu wa m'nyumba. Mphunzitsi kapena nesi akasamutsidwa kucoka ku Sinda kupita kwina, amagulitsa mipando pa zithunzi. Cithunzi cimaonetsa vanishi yosupuka pa zogwirira manja, nsaru yofwifwa ndi mabanga, koma siciuza munthu ngati mpandowo ukugwedera kapena ngati siponji inaphwa. Mwini autembenuze ndi kujambula pansi pace, pamene pamaoneka misomali yokhomedwa pambuyo pace m'malo olumikiza, timabowo ta anafumbwe ndi ufa wa mtengo, njira za ciswe, ndi timadontho takuda ta nsikidzi m'misoko. Kenaka aukhazike pa simenti yosalala, akhalepo ndi kuugwedeza. Ndipo asalembe kuti ndi wa mlombwa ngati sakudziwa, pakuti paini yopakidwa utoto wofiirira imanamiza pa cithunzi, ndipo pansi posapakidwa ndi pamene mtundu weni weni wa thabwa umaoneka.

Kwa awerengi amene apemphedwa ndi abale kulemba cilengezo, malangizo otsiriza ndi awa: musanatumize, werengani mzere uli wonse ndi kudzifunsa kuti, "Ici ndaciona pa cithunzi citi, kapena wandiuza ndani?" Mzere umene ulibe yankho ucotseni, kapena uusamutsireni pa zimene sizinayesedwe. Ndipo ngati foni yakhala milungu ingapo isanagulidwe, pemphani zithunzi zatsopano, popeza foni imene ikali m'thumba ikupitirira kukalika.